Zizindikiro munkhani

"Anthu akamayankhula munkhani yanga makoma ndi mitengero ndiziika pati?"

Achimwene yambani ndikutsegula mitengero, lembani mawu amunthuyo, koma `,` mumulowetse mkati musanatseke, kenako mutchule wayankhula ndi chilembo chaching'ono: "Ndikupita ku Katoto," anatero Nyagondwe. Pachizungu ndi chimodzimodzi, `"I'm going," she said.` osati `She` ayi.

Likakhala funso ikani `?` yekha mkatimo, musaikenso `,` ayi, ambiri amaphonya pamenepa: "Minibasi ya ku Ekwendeni yanyamuka?" anafunsa Gondwe.

Wina akayankha tsikirani ndime yatsopano olo atangoti "Eya," apo ayi owerenga sadziwa akuyankhula ndani.

Chenjerani ndi mitengero ya kamodzi `' '` yomwe mabuku ambiri aku Britain amakonda, kwathu kuno imasokonezana ndi nkhodolero ya m'mawu ngati ng'ombe ndi m'nyumba, bola ya kawiriyo basi.