Mawu a pa chithunzi choyamba oimitsa chala

"Ndangoyamba kuika zithunzi zotsatizana pa Instagram, koma anthu akungodutsa osaona chachiwiri. Pa choyambacho ndilembepo chiyani?"

Yambani ndi zithunzi zam'kati, chapamwambacho mulembe pomaliza, mutadziwa chimene mukulonjeza.

Tinene kuti mukuphunzitsa kukazinga mandasi. Ambiri amalemba kuti "Malangizo a mandasi". Umenewu ndi mutu chabe, sukhudza munthu aliyense. Sankhani vuto limodzi limene wokazinga waliona ndi maso ake, monga pepala lokulungira mandasi litanyowa ndi mafuta, mulitchule m'mawu amene iye angalankhule: "Mandasi anu akumwa mafuta? Vuto si ufa." Chiganizo choyamba chamuitana, chachiwiri chamulanda chimene ankakayikira, ndiye kuti adziwe chenicheni ayenera kusuntha chala. Yankho musaliulule pamenepo.

Mawu asapitirire 10, zilembo zikuluzikulu, zakuda pamalo oyera kapena zoyera pamalo akuda. Chithunzi chikhale 1080 x 1350, mawuwo akhale chapakati, chifukwa m'mbali mumadulika. Pansi chakumanja ikani kamuvi.

Chithunzi chachiwiri chiyankhe nthawi yomweyo: mafuta amakhala asanatenthe mokwanira. Mukayamba ndi moni ndi mbiri ya bizinesi yanu, munthu wapita. Ine zolemba "Simukhulupirira izi!" sindizikonda, sizinena kanthu.

Musanatumize, onetsani mnzanu pa foni kwa masekondi 2, n'kuibisa. Akalephera kunena zomwe wawerenga, chepetsani mawu. Akafunsa kuti "ndiye vuto n'chiyani?", tumizani.