Tchati cha mitengo chiziwerengeka pafoni osachikoka ndi zala

Anzanga amene mumatumiza matchati m'magulu a alimi pa WhatsApp, mukamva wina akuti "alangizi, zilembozi sizikuoneka", musafulumire kunena kuti foni yake ndi yachikale. Vuto limayambira pa laputopu yanu.

Tiyerekeze kuti mwasonkhanitsa mitengo ya nandolo pamisika ya Jali, Songani, Thondwe ndi Mayaka. Mwapanga tchati mu Excel, n'kuchitambasula mpaka masentimita 26 m'lifupi kuti chikongole. Koma foni zambiri m'lifupi mwake ndi masentimita 6 kapena 7 basi. Ndiye kuti chithunzicho chikafika pafoni chimachepa kanayi, ndipo zilembo zimachepera limodzi. Zilembo za saizi 9, zimene Excel imaika yokha m'mbali mwa tchati, zimasanduka ngati za saizi 2. Mayi wa ku Mayaka, ali padzuwa pamsika, aona timadontho tokhatokha.

Mankhwala ake ndi awiri, ndipo amayendera limodzi: chepetsani tchati, kulitsani zilembo. Dinani tchaticho, pitani pa Format, ndipo pa Width lembani masentimita 13, pa Height 13 kapena 15, poti foni timaigwira choimika. Tsopano chithunzi chichepa kawiri kokha. Zilembo muziike pa 18, zikafika pafoni ngati za 9, zowerengeka bwinobwino. Mutu ukhale pa 24.

Mukatero muona kuti malo achepa, maina a misika ayamba kupendekeka kapena kudukiza. Apa ambiri amabwerera ku zilembo zazing'ono, koma musatero. Sinthani tchati kuchoka pa Column kupita pa Bar, kuti mizati igone chopingasa ndipo dzina lililonse likhale pamzere wakewake. Chotsani Legend ndi Gridlines, muike Data Labels kuti mtengo ulembedwe kumapeto kwa mzati uliwonse. Mawu akhale afupi: "Jali", osati "Msika wa pa Jali Trading Centre". Mawu oti "pa kilo" alembedwe kamodzi, pamutu: "Nandolo, mtengo pa kilo, sabata ino". Misika ikapitirira isanu kapena isanu ndi umodzi, pangani matchati awiri.

WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo zimene zimayamba kufufutika ndi zilembo zoonda ndi mitundu yotuwa. Lembani zakuda pamalo oyera, manambala muwanenepetse ndi Bold. Ena amatumiza ngati Document kuti chisafinyidwe, koma ineyo sindilimbikitsa zimenezo kwa alimi, chifukwa munthu wa bandulo yochepa amazengereza kutsegula.

Musanatumize kugulu, dzitumizireni nokha, mutuluke panja masana, muigwire foni monga mumaigwirira powerenga uthenga. Ngati zala zanu zayamba kukoka chithunzi kuti muone mtengo wa pa Songani, bwererani pa laputopu muwonjezere saizi ndi 2.