Mutu wa mayi woyembekezera si wongomwera panado

Amayi anga, zikomo pondipatsa kanthawi musanayambe kuwerengera masheya a banki m'khonde. Ine monga mlangizi wanu wa zaumoyo ndabwera ndi nkhani ya mutu, matenda amene aliyense pano amadziona ngati dokotala wake. Ukangogunda, timatuma mwana ku okala, timeze mapilisi awiri, tibwerere kumunda. Nthawi zambiri palibe cholakwika pamenepo. Mutu wa dzuwa, wa njala, wa ludzu, wosowa tulo kapena wa nkhawa umatha ndi madzi akumwa, chakudya, kupuma ndi panado. Koma panado amangotontholetsa ululu, chimene chaubweretsa sachikhudza. Ndiye pali mitu ina imene mukaitontholetsa mumakhala mwangobisa matenda amene akukula.

Ndiyambe ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri, wa mayi woyembekezera. Tiyerekeze mpongozi wanu ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mimba yoyamba. Lolemba wadandaula mutu, wamwa panado, sunasinthe. Lachiwiri mphete yakana kuvuka pachala, nkhope yafufuma makamaka m'zikope. Lachitatu akuti akuona tinyenyezi m'maso, zinthu zikuoneka mbuu, ndipo pansi pa nthiti chakumanja pakuwawa ngati chilungulira. Apa ena amati ndi mapasa, ena amati mwana ndi wamkulu. Ayi, amayi. Izi ndi zizindikiro za kuthamanga kwa magazi kobwera ndi mimba, kumene kumayamba pakati pakadutsa masabata 20, kunena kuti pafupifupi miyezi isanu. Chotsatira chake, ngati sathandizidwa, chimatha kukhala kukomoka kophiriphitha ngati khunyu, ndipo pamenepo moyo wa mayi ndi wa mwana umakhala pangozi.

Kutupa mapazi madzulo amayi apakati ambiri amakhala nako, ndipo pakokha sikuopsa. Kutupa nkhope ndi manja, kobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi mutu wosamva mankhwala, ndiye kwina. Mayiyo anayenera kupita Lolemba lomwelo, mutu utakana panado, osadikira tsiku la sikelo lolembedwa m'buku. Kuchipatala akamuyeza bipi ndi mkodzo. Bipi ikafika 140/90 ndiye kuti yakwera. Ikafika 160/110 anamwino sachedwanso, amapereka mankhwala oitsitsa ndi jakisoni woteteza kukomoka, mwinanso kumutumiza kuchipatala chachikulu. Bipi sumaimva m'thupi ngati malungo, imadziwika ndi makina basi. Akakomokera pakhomo, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo wina athamangire mayendedwe.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti vutoli silithera pa kuchira. Limatha kubwera mayi ali m'chikuta, mpaka masabata asanu ndi limodzi atabereka. Inu apongozi ndi anamkungwi ndi amene mumakhala naye masiku amenewo. Akadandaula mutu waukulu musati ndi kusagona chifukwa cha khanda, mubwerereni naye kuchipatala.

Kwa ena tonse, pali mitu imene siyenera kugona m'nyumba. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Panado amatsitsa kutentha, munthu n'kuoneka ngati wapeza bwino, pomwe tizilombo tikuswana m'magazi. Ngati khosi lauma, chibwano chikukanika kufika pachifuwa, kuwala kukumupweteka m'maso kapena akubwebweta, ganizani za matenda oumitsa khosi. Amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka ngati anadukiza mankhwala, mutu wopitirira masiku angapo asauderere ngakhale thupi lisakutentha, chifukwa kwa iwo matendawa amabwera mwakachetechete. Mutu wogunda mwadzidzidzi, woti chibadwire simunaumvepo, kapena wotsagana ndi kupindika kamwa, kufooka mkono kapena mwendo mbali imodzi, lilime kulemera, umenewo ndi wothamanga nawo ola lomwelo. Chimodzimodzi munthu amene wagwa panjinga kapena wamenyedwa m'mutu kenako n'kuyamba kusanza kapena kuodzera. Mphini m'litsipa sizithandiza pa zonsezi, zimangodya nthawi.

Tsopano mapilisi enieniwo. Panado wa akulu mbulu umodzi ndi mamiligalamu 500. Munthu wamkulu amwe umodzi kapena iwiri, adikire maola osachepera anayi, ndipo isapitirire isanu ndi itatu pa maola 24, usiku ndi usana pamodzi. Wochepa thupi kwambiri, wosafika makilogalamu 50, wodwala chiwindi kapena womwa mowa kwambiri, mulingo wake ndi wotsikirapo, afunse kuchipatala. Mwana satengera mulingo wa mayi ake; wake umayendera kulemera kwa thupi.

Kupyola mulingo n'kosavuta kuposa mmene mukuganizira. Mayi wamwa iwiri 6 koloko m'mawa. Pofika 8 koloko sunaleke, waonjeza iwiri. Masana mnzake wamupatsa mapilisi a chimfine, wamwa awiri, osadziwa kuti m'katimo mulinso panado yemweyo. Cha m'ma 3 koloko iwiri ina, pogona iwirinso. Yakwana khumi, iye akuwerenga isanu ndi itatu, ndipo mawa achitanso chimodzimodzi. Dzina la pamwamba pa paketi limasiyana, koma yang'anani timalemba tating'ono: mukaona paracetamol ndiye kuti ndi mankhwala amodzi. Kuopsa kwake n'koti panado wopyola muyeso amaononga chiwindi munthu akuyenda bwinobwino. Tsiku loyamba mwina nseru chabe, maso achikasu amadzaoneka patatha masiku awiri kapena atatu. Choncho mwana akatola paketi n'kumeza, kapena wina akamwa ambiri nthawi imodzi, musadikire kuti adwale kaye. Pitani naye nthawi yomweyo, paketiyo ili m'manja.

Bufeni, indosidi, dikolofenaki ndi asipulini ndi banja limodzi. Amathandizadi pa ululu, koma amakanda m'mimba ndiponso amalemetsa impso. Osamwa awiri a m'banja limeneli pamodzi, osamwa chopanda kudya. Amene muli ndi zilonda za m'mimba, bipi, matenda a impso kapena mphumu, musagule nokha. Chimbudzi chikayamba kutuluka chakuda ngati phula, siyani pomwepo, ndi magazi amenewo. Asipulini sapatsidwa kwa mwana wosafika zaka 16. Mayi woyembekezera asiye onsewa, wake ndi panado. Pokhapokha ngati ku sikelo amulembera asipulini wochepa mphamvu pofuna kupewa vuto la bipi lija, ameneyo amwe monga anamuuzira.

Ndikudziwa alipo ena pano amene panado sachoka pa mfundo ya chitenje. Musachite manyazi, koma mverani izi: mankhwala a mutu ukamawamwa pafupipafupi, iwo omwewo amayamba kubweretsa mutu. Umadzuka nawo m'mawa, wamwa, waleka pang'ono, wabweranso. Ngati mukumwa masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi ingapo, mwafika pamenepo. Tengani kope la mwana lotha, muzichonga tsiku lililonse limene mwamwa, ndi kulemba ngati linali la kumwezi kapena ayi. Mwezi ukatha pitani nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lanu ndi mapaketi onse amene mukumwa, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni bipi ndi kuchuluka kwa magazi, poti kuchepa kwa magazi nakonso kumabweretsa mutu ndi chizungulire kwa amayi ambiri.