Momwe mungasanjire mitu ndi manambala a ndime m'chikalata chachitali cha zamalamulo

Tiyerekeze kuti muli ndi pangano la lendi la masamba 40 mu Microsoft Word, ndipo loya wa mbali inayo wapempha kuti muonjezere ndime yatsopano pambuyo pa ndime 6. Ngati manambala munachita kulemba pamanja, ndime 7 iyenera kukhala 8, 7.2 ikhale 8.2, mpaka kumapeto. Mukaphonya pamodzi pokha, mawu akuti "malinga ndi ndime 7.2" aziloza nkhani ina, ndipo mkangano ukadzafika kukhoti wina adzagwira pomwepo. N'chifukwa chake manambala muzisiyira Word.

Choyamba, gwirizanani za kasanjidwe musanalembe chilichonse. Mapangano ambiri amayenda motere: 1, kenako 1.1, kenako (a), pomaliza (i). Masitepe anayi ndi okwanira. Mukaona kuti pakufunika yachisanu, ndimeyo yatalikitsa, iduleni pawiri.

Kenako pitani pa Home, dinani Multilevel List, musankhe mndandanda wa 1, 1.1, 1.1.1, kenako mudinenso Multilevel List, musankhe Define New Multilevel List, ndipo mudine More. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Sankhani sitepe 1, ndipo pa Link level to style muike Heading 1. Sitepe 2 imangidwe ku Heading 2, yachitatu ku Heading 3, yachinayi ku Heading 4. Pa yachitatu, fufutani zomwe zili m'bokosi la Enter formatting for number, sankhani a, b, c pa Number style for this level, kenako mulembe mabulaketi uku ndi uku. Pa yachinayi chitani chimodzimodzi, koma musankhe i, ii, iii. Chilembo chokhala ndi mthunzi wotuwa chomwe chituluke m'bokosimo musachikhudze. Ndicho chimasintha chokha, ndipo mukachifufuta n'kulembapo chanu, ndime zonse zizituluka (a), (a), (a).

Onaninso kuti Restart list after ndi yochongedwa. Popanda iyo, mndandanda wa pansi pa 7.3 uyambira pa (d) chifukwa wa pansi pa 7.2 unathera pa (c).

Mukatero, ndime iliyonse muziipatsa sitayelo yake basi, kaya ndi Heading 1, 2, 3 kapena 4. Mukafuna kusintha kukula kwa zilembo, sinthani sitayeloyo kudzera pa Modify, osati mutu umodziumodzi. Mawu okopera kuchokera m'chikalata china muziwamata ndi Keep Text Only, chifukwa amabwera ndi manambala awoawo omwe amasokoneza anu.

Potchula ndime ina, pitani pa References, Cross-reference, musankhe Numbered item ndi Paragraph number (full context). Mukalowetsa ndime yatsopano ija, manambala a mitu asintha okha, koma malo olozerawa amadikira kuti mudine Ctrl+A kenako F9. Pamenepo 7.2 isanduka 8.2. Musanasindikize, fufuzani mawu akuti Error! Reference source not found. Mukawapeza, ndiye kuti ndime yomwe inkatchulidwa pamenepo inafufutidwa, ndipo loya ndiye anene ndime yoyenera kulozapo tsopano.