Mwagawana phindu kapena mwadya mpamba?

Chaka chino magulu angapo ogula mtedza kuno ku Mchinji agawana ndalama atangochokera kogulitsa, ndipo pano akusowa yoyambira msika wotsatira. Cholakwika ndi chomwe chija cha chaka ndi chaka: kuchotsera mtengo wogulira pa mtengo wogulitsira, chotsalacho n'kumati ndi phindu. Limenelo ndi phindu loyamba chabe pa atatu amene amalembedwa pa chikalata cha zolowa ndi zotuluka.

Tiyerekeze gulu lagulitsa mtedza wa CG7 wa K12,000,000. Pogula kwa alimi, kugula matumba ndi kututira ku nkhokwe linawononga K9,000,000. K3,000,000 yotsalayo ndiyo akauntanti amati gilosi pulofiti. Imangokuuzani ngati munagula ndi kugulitsa bwino: pa K100 iliyonse mwatsala ndi K25. Ikatsika kusiyana ndi chaka chatha, musafunefune kutali. Mwina munagula mtedza wonyowa womwe unapepuka utauma, kapena wogula anakukanirani matumba a chuku.

Koma nkhokwe ija si yaulere. Lendi K480,000, malipiro a mlonda ndi kalaliki K720,000, lole yopita ku Lilongwe K600,000. Palinso china chimene anthu amakana kumva: makina oswera mtedza a K1,500,000 oyembekezeka kugwira ntchito zaka 5 amatha mphamvu ya K300,000 chaka chilichonse, ngakhale palibe amene wakupatsani lisiti. Zonse pamodzi K2,100,000, ndiye phindu la ntchito ndi K900,000. Mzere uwu ndiwo umaonetsa ngati bizinesi ikutha kudzidyetsa yokha, nkhani ya ngongole tisanaiyambe.

Bambo wina wa ku Kamwendo atamva izi pa msonkhano anadzuka n'kunena kuti, "Koma alangizi, ndalamazo tinaziona ndi maso athu, zinali m'chikwama." Inde bambo, zinalimo, koma zambiri zinali za eni ake, mlonda ndi mwini nkhokwe anali asanabwere kudzatenga zawo. Chaka chotsatira makina atawonongeka gulu lawo linachita kusonkherana.

Tsopano chotsani chiwongoladzanja cha ngongole, tinene K500,000, patsala K400,000. Ngati munalembetsa ngati kampani, msonkho wa ku MRA ndi K30 pa K100 iliyonse, kutanthauza K120,000. Phindu lenileni ndi K280,000 basi. Amene anagawana K3,000,000 anagawana K2,720,000 yosakhala phindu, ndipo ngongole yeniyeniyo sinabwezedwe, pakuti pa chikalatachi pamalowa chiwongoladzanja chokha.

Chochita n'chosavuta. Mlembi alembe mizere itatuyi mwezi uliwonse, malisiti asungidwe, matumba osagulitsidwa awerengedwe ndipo mtengo wake uchotsedwe pa zogulira. Kugawana kudikire mzere womaliza, mutapatula kale yobweza ngongole.