Makaniko wa ku Tanzania: pemiti yokhalira kapena yogwirira ntchito?

"Ndili ndi galaja ku Luwinga. Ndapeza makaniko wa ku Mbeya amene ali ndi pemiti yokhalira muno ya miyezi 6. Kodi ndingamulembe ntchito?"

Ayi achimwene, musafulumire. Yambani mwatsegula pasipoti yake muone chomwe chadindidwamo. Ngati palembedwa TRP, ameneyo waloledwa kukhala m'Malawi basi, osati kugwira ntchito. Akapezeka atavala ovolosi pansi pa galimoto ya kasitomala, mlandu ndi wa nonse awiri.

Yomwe ikufunika ndi TEP, pemiti yogwirira ntchito, ndipo wopempha ndinu olemba ntchito, osati iyeyo. Choyamba lengezani ntchitoyo m'nyuzipepala ndi kusunga tsambalo, chifukwa a Imigireshoni amafuna umboni woti munafunafuna Mmalawi waluso limenelo koma sanapezeke. Apa ndi pomwe pavute. Amakaniko ali mbwee mu Mzuzu muno, choncho kalata yanu inene luso lenileni lomwe mnzanuyo ali nalo, mwina lokonza mapampu a dizilo.

Kenako sonkhanitsani kope la pasipoti, zithunzi, masatifiketi ake ndi mapepala olembetsera galaja yanu, mupite nazo ku ofesi ya Imigireshoni ya m'chigawo cha kumpoto konkuno ku Mzuzu. Lamulo limafuna kuti iye adikire yankho ali kunja kwa dziko. Risiti yolipirira si pemiti ayi, asagwire sipanala isanatuluke.

Ikatuluka, TEP imamulola kukhala muno ndi kugwira ntchito mpaka zaka 2, koma kwa inu nokha. Akafuna kusamukira ku galaja ina, bwana watsopanoyo apemphenso ina.