Momwe anamwino awiri angatsimikizire tchati ya mankhwala a mwana

Mu wodi ya ana, mlingo wa mankhwala umatengera kulemera kwa mwanayo. Tiyeni titenge mwana wa miyezi 9, wolemera 8 kg, amene dokotala wamulembera jakisoni wa jentamaisini kamodzi pa tsiku.

Yambani ndi mwanayo, osati botolo. Funsani mayi ake kuti, "Mayi, mwanayu dzina lake ndani?" Musatchule dzinalo inuyo, chifukwa mayi amene wachezera usiku wonse amangovomera. Yerekezani yankholo ndi dzina la pa tchati, makamaka ngati ana agona awiri pa bedi limodzi. Funsaninso ngati pali mankhwala amene anamuwengapo.

Kenako onani sikelo. Kodi 8 kg imeneyi anamuyeza pomugoneka, kapena yangokopedwa m'buku la kuchipatala la miyezi yapitayo? Ngati nambalayo sikugwirizana ndi mwana amene mukumuona, muyezeninso.

Tsopano masamu. Namwino aliyense awerengere payekha pa pepala lake, asanamve yankho la mnzake. Zongoonetsana sirinji n'kufunsa kuti "ili bwino eti?" sizithandiza, pakuti mnzanuyo amangoona zimene mwamuuza kale. Mlingo wa mwana wa msinkhu uwu ndi 7.5 mg pa kilogalamu iliyonse:

```
7.5 mg x 8 kg = 60 mg
```

Ngati tchati yalembedwa 60 mg, zagwirizana. Khanda losakwana sabata limalandira mlingo wocheperapo pa kilogalamu, choncho lionereni m'buku la malangizo la mu wodi.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa kabotolo. Kamene timakazolowera kali ndi 80 mg mu 2 ml, kutanthauza 40 mg mu mililita imodzi:

```
60 mg ÷ 40 mg/ml = 1.5 ml
```

Koma kulinso kabotolo ka 20 mg mu 2 ml. Mukatunga 1.5 ml m'menemo, mwana alandira 15 mg yokha. Zikatembenuka n'zoopsa kwambiri: mukawerengera 6 ml poganiza za kabotolo kofookako koma n'kutunga m'kamphamvuko, mwana alandira 240 mg, ndipo jentamaisini akachuluka amawononga impso ndi makutu. Nonse awiri muwerenge kabotoloko ndi maso anu, ndi tsiku lothera ntchito lomwe. Mukaona kuti kamwana kakufunika mabotolo angapo, imani kaye. Samalaninso kadontho: 1.5 yolembedwa mothamanga imaoneka ngati 15.

Musanabaye, onani pa tchati nthawi imene analandira jakisoni womaliza. Malo osasainidwa sakutanthauza kuti sanabayidwe; funsani amene anali pa shifiti. Funsaninso mayi ngati mwana akukodza. Ngati mkodzo wachepa, kambiranani kaye ndi dokotala.

Mayankho anu akasiyana, musagawane pakati kapena kutsatira wamkulu pa ntchito. Werengeraninso, ndipo zikakanikabe itanani amene analemba mankhwalawo. Mayankho akagwirizana, pitani nonse pa bedi, ndipo musaine mwanayo atabayidwa kale.